Mahashitagi mwaika ambirimbiri koma foni ili zii: poyambira kuyang'ana

Funso loti n'chifukwa chiyani mahashitagi sakubweretsa ogula linandipeza kanayi m'mwezi umodzi wokha. Komaliza kunali pa maliro ku Mufakose, tili chikhalire panja kudikira nsima. Alamu anga, amene amasoka zovala za akazi kunyumba kwawo, anandipatsira foni n'kunena chapansipansi kuti, "Taonani alamu, mahashitagi onse amene anandipatsa mnyamata uja ndaika, koma palibe ndi mmodzi yemwe wandifunsa mtengo." Pa sikirini panali diresi la chitenge losokedwa bwino ndithu, ndipo pansi pake mzere wa mahashitagi 28, kuyambira `#fyp` `#viral` `#love` mpaka `#trending`. Mawu onena kuti chovalacho n'chiyani panalibe. Dzina la Harare panalibenso. Mnyamatayo anali atalandira madola asanu.

Kuti zotsatirazi zimveke, ganizirani basi imene yaima pa Mbare. Chikwangwani cha pagalasi chimanena kumene basiyo ikupita, ndipo popanda icho munthu wofuna ulendo umenewo aidutsa osadziwa. Koma chikwangwani sichidzaza basi. Mawu amene mumalemba pa positi, kaya ndi mutu, mawu ofotokozera kapena hashitagi, ntchito yake ndi ya chikwangwani: amauza makina ofufuzira kuti chinthu chanu n'chiyani, kuti chilowe m'gulu la zinthu zimene angaonetse munthu akalemba mawuwo. Woti akhale pamwamba m'gulumo amasankhidwa kwambiri ndi zochita za anthu: kodi akaona amadina, amaonera mpaka kumapeto, amasunga, amatumizira anzawo? Mavuto ambiri ali m'munsimu amabwera chifukwa chosokoneza ntchito ziwirizi.

## Musanasinthe kalikonse, onani kumene oonera akuchokera

Izi zimatenga mphindi ziwiri ndipo zimakupulumutsani kukonza chinthu chosawonongeka.

- Pa TikTok, tsegulani ziwerengero za vidiyo imodzi, mupeze `Traffic sources`. Pamenepo pamaoneka gawo lochokera ku `For You`, ku `Personal profile` ndi ku `Search`.
- Pa YouTube, lowani mu YouTube Studio, tsegulani vidiyo imodzi, kenako `Analytics`, kenako `Reach`. Mukadina `YouTube search` muona ngakhale mawu enieni amene anthu analemba asanakupezeni.
- Pa Instagram, akaunti ikhale ya bizinesi kapena ya wopanga zinthu, ndiye mudine `View insights` pansi pa positi.

Lembani manambalawo papepala pamodzi ndi tsiku. Ngati pafupifupi oonera onse akuchokera ku `For You` kapena kwa anthu amene amakutsatirani kale, dziwani kuti mawu ofufuzira sanayambe kukugwirirani ntchito, ndipo chizindikiro choyamba m'munsimu n'chanu.

## Chizindikiro 1: Mukalemba dzina la chimene mumagulitsa, simukuoneka n'komwe

Poyesa musagwiritse ntchito foni yanu. Makina amakudziwani, ndipo amakonda kukuonetsani zinthu zimene mumazitsegula kawirikawiri, kuphatikizapo zanu zomwe. Bwerekani foni ya munthu amene sakutsatirani.

1. Mawu amene mwalemba si amene ogula amalemba. Ichi ndicho chimachitika kuposa zonse, ndipo kwa ife a Chichewa okhala muno chimapweteka kawiri. Alamu anga kunyumba amati "chitenge". Kasitomala wa ku Glen View nsalu yomweyo amaitchula `zambia`, wina amalemba `ankara`, wina `african attire`, ndipo mtsikana amene akukonzekera mwambo wa malowolo amalemba `roora dress` kapena `roora squad`. Makina akuluakulu ngati a Google amayesetsa kulumikiza mawu ofanana tanthauzo, koma amachita bwino m'Chingelezi kusiyana ndi m'zilankhulo zathu. Musadalire kuti adzadziwa okha kuti chitenge chanu ndicho chimene wolemba `zambia` akufuna.

Kaonedwe kake: lembani chiyambi cha mawu m'bokosi lofufuzira, osadina kalikonse, muone mawu amene makinawo akumalizitsa okha. Amenewo amachokera ku zimene anthu ena akhala akulemba. Kenako bwererani m'mauthenga a makasitomala anu khumi omaliza, muone dzina limene iwo anatchula chinthucho pofunsa. Mauthengawa ndimawakhulupirira kuposa mndandanda uliwonse wogulitsidwa.

Kakonzedwe kake: ikani mawu a ogula mu mzere woyamba wa mawu ofotokozera, pamodzi ndi dzina la dera. Chichewa musachitaye. Chiikeni mu mzere wachiwiri, pakuti wolemba Chichewa pofufuza ali muno mu Harare alibe ambiri omulembera, ndipo mpikisano wake ndi wochepa.

2. Mawu ofunika ali m'chithunzi mokha. Ambiri amapanga chithunzi chokongola cholembedwa dzina, mtengo ndi nambala, n'kusiya malo a mawu ofotokozera opanda kanthu, kapena n'kuikamo timitima titatu. Makina ena amatha kuwerenga zolembedwa m'chithunzi ndiponso kumva zoyankhulidwa mu vidiyo, koma zilembo zokhotakhota amaphonya, ndipo Chichewa chosakaniza ndi Chishona chimene timayankhula pa kombi sachimva bwino. Zimene zili m'chithunzi zilembeninso ndi kiyibodi. Pa TikTok lembani mawu a pa vidiyo pogwiritsa ntchito chida cha `Text` cha mu pulogalamu momwemo.

3. Mwaponya pamalo posafufuzika. Zimene mwaika pa `Status` ya WhatsApp zimaonedwa ndi anthu okhawo amene muli ndi manambala awo ndipo iwonso anasunga nambala yanu, ndipo zimachoka pakatha maola 24. Mlendo sangazipeze ngakhale mutalemba bwanji. Chimodzimodzi gulu lotseka la pa Facebook, ndiponso akaunti ya Instagram kapena TikTok imene yaikidwa pa `Private`. Ambiri anatseka akaunti zawo kalekale pothawa chibwenzi chakale, n'kuiwala. Kaoneni.

4. Dzina la akaunti silinena kanthu. Pa Instagram pali mayina awiri: loyamba ndi `@`, ndi lina la m'bokosi la `Name`. Onse awiri amafufuzika, ndipo lachiwirilo ndi limene anthu ambiri amaliwononga polembamo dzina lomwe lija kachiwiri. Lembanimo ntchito yanu ndi mzinda. Ganizani kaye musanasinthe, chifukwa Instagram imalola kusintha dzinali kawiri kokha m'masiku 14.

5. Positi ndi yatsopano kwambiri. Dikirani masiku angapo musanaweruze. Kufufuta n'kuponyanso tsiku lomwelo kumangobweza zonse poyambira.

## Chizindikiro 2: Hashitagi yaduka pakati kapena siikudinika

Apa pali msampha umene umagwira ife olemba Chichewa kuposa anzathu. Hashitagi imathera pamene pali mpata kapena chizindikiro cha m'kalembedwe, ndipo kachizindikiro kathu ka pamwamba, ka mu "ng'ombe" ndi "m'tauni", ndi kamodzi mwa zimenezo. Wogulitsa nyama akalemba mzere woyamba uwu, makina amaona hashitagi ya zilembo ziwiri zokha:

```
#ng'ombe      ->  #ng
#m'Harare     ->  #m
#roora dress  ->  #roora
#RooraDress   ->  #RooraDress
```

1. Kachizindikiro ka pamwamba, mpata kapena kamzere. Onani mtundu wa zilembo positi ikatuluka. Gawo lokhalo limene lasintha mtundu ndilo hashitagi. Lembani `#ngombe`, ndipo kalembedwe koyenera mukasungire m'chiganizo. Zilembo zazikulu ndi zazing'ono sizisintha kanthu kwa makina, zimangothandiza maso a wowerenga.
2. Mwaiphatikiza ndi mawu apatsogolo. Pakati pa mawu omaliza ndi `#` pakhale mpata. Hashitagi ya manambala okhaokha nayonso malo ena siigwira.
3. Mukuiika pamene siigwira ntchito. Pa WhatsApp hashitagi ndi zilembo wamba.
4. Zachuluka. Pa YouTube, vidiyo ikakhala ndi mahashitagi oposa 60 onse amanyalanyazidwa, ndipo amene amaoneka pafupi ndi mutu sapitirira atatu. Instagram kwa zaka zambiri inkalola mpaka 30, koma mu 2021 iyo yomwe inalangiza opanga zinthu kuti aziika atatu mpaka asanu.
5. Kalembedwe kawiri. `#Malawi` ndi `#Malaŵi` musaziyese chinthu chimodzi. Dinani chilichonse muone kumene kuli anthu. Makiyibodi ambiri a pa foni sapereka `ŵ` mosavuta, choncho ofufuza ambiri amalemba `w` wamba.

Hashitagi ikakonzeka musayembekezere zodabwitsa. Pamene Chris Messina anaiyambitsa pa Twitter mu 2007, inali njira yosonkhanitsira zokambirana za nkhani imodzi, nthawi imene makina sankatha kumvetsa bwino zolembedwa. Lero amawerenga chiganizo chonse. Mkulu wa Instagram, Adam Mosseri, wanenapo kangapo poyera kuti mahashitagi sachulukitsa kwenikweni oonera, amangothandiza kudziwitsa kuti positi ikunena za chiyani, ndipo mu Disembala 2024 Instagram inachotsa mwayi wotsatira hashitagi. Pamene ndimaionabe ikugwira ntchito yooneka ndi pa chochitika cha tsiku limodzi, monga chionetsero, mpira kapena ukwati, pamene anthu agwirizana dala kuti zithunzi zonse zikhale pamodzi.

## Chizindikiro 3: Mukupezeka, koma muli pansi penipeni

Ngati mukuoneka ngakhale patali, ntchito ya mawu yatheka. Kuwonjezera mawu ena pano kuli ngati kupachika chikwangwani chachiwiri pa basi yomweyo. Anthu ambiri amataya miyezi pa chizindikiro chimenechi akusinthasintha mahashitagi.

1. Anthu akuona koma sakudina, kapena akuthawa msanga. TikTok inafotokoza mu 2020 mmene imasankhira zoonetsa: imayang'ana zochita za woonera, kenako zokhudza vidiyo monga mawu ofotokozera, nyimbo ndi mahashitagi, kenako zinthu monga chilankhulo ndi dziko, ndipo inanena kuti munthu kuonera vidiyo yaitali mpaka kumapeto kumalemera kwambiri. Instagram nayo imati pofufuza imayamba ndi mawu amene munthu walemba, koma zopezeka zikachuluka imayang'ana zimene anthu adina, akonda ndi kugawana kwambiri.

Pa YouTube onani `Impressions click-through rate`, kutanthauza kuti mwa anthu 100 amene anaonetsedwa kachithunzi ka vidiyo yanu, ndi angati anadina. YouTube imati theka la matchanelo ndi mavidiyo onse limakhala pakati pa 2 ndi 10 pa 100 alionse. Mukakhala pansi pa 2, ndipo oonetsedwawo ndi mazana angapo osati anthu makumi awiri, vuto lili pa kachithunzi ndi mutu. Nambalayo ikakhala bwino koma mzere wosonyeza nthawi yoonera ukugwa m'masekondi oyambirira, vuto ndi chiyambi cha vidiyo. Mavidiyo a alamu anga ankayamba ndi moni wautali, "Muli bwanji nonse, ndine uja", diresi n'kudzaoneka pa sekondi ya khumi ndi ziwiri. Ulemu umenewu ndi wabwino pakhomo, koma munthu amene bandulo yake ikutha sadikira. Tinagwirizana kuti diresi liziyamba, moni uzibwera pambuyo.

2. Mawu amene mwasankha ndi aakulu kuposa msinkhu wanu. Pa `#fashion` kapena `dress` mukupikisana ndi masitolo a dziko lonse lapansi, ndipo positi yanu imakwiririka m'masekondi ochepa. Talikitsani mawuwo mpaka afanane ndi zimene munthu mmodzi weniweni akufuna: `roora dresses Mufakose`, `school uniform tailor Harare`. Ofufuza mawu oterewa ndi ochepa, koma ambiri mwa iwo ndalama ali nazo m'manja.

3. Mukudalira `#fyp` ndi `#viral`. Mahashitagi amenewa sanena kalikonse za chimene chili mu vidiyo. Mumawaona pa mavidiyo otchuka chifukwa pafupifupi aliyense amawaika, otchuka ndi osatchuka omwe, ndipo osatchukawo simuwaona.

4. Mwathera nthawi pa bokosi la `Tags` la YouTube. Bokosili limalandira zilembo 500, ndipo anthu amalidzaza mpaka pakamwa. YouTube yomwe imati gawo lake pothandiza vidiyo kupezeka ndi laling'ono, kupatula ngati mawu ake anthu amawalemba molakwika kawirikawiri. Kwa ife mpata wake ndi umenewo: ikanimo `Chichewa`, `Chewa`, `Nyanja`, `Chinyanja`, kapena `nsima` ndi `sadza`, n'kulisiya. Mphamvu ikani pa mutu, umene umalola zilembo 100 koma pa foni umadulidwa usanathe, ndiye mawu ofunika akhale koyambirira. Musakopere mulu wa mawu ofufuzira m'malo a mawu ofotokozera, chifukwa malamulo a YouTube amakuona ngati kusokeretsa anthu.

## Chizindikiro 4: Oonera achuluka, ogula palibe

1. Simunatchule malo. Vidiyo ya nsalu yokhala ndi `#ankara` yokha ikhoza kukondedwa ndi anthu a ku Lagos ndi Lusaka, amene sadzabwera kudzayesa diresi ku Mufakose. Onani mizinda kapena mayiko a oonera m'ziwerengero. Lembani Harare ndi dera lanu m'chiganizo, ndipo muikenso malo pa batani la `Location`.
2. Chichewa chokha chakutengerani kumudzi. Vidiyo yonse ikakhala ya Chichewa, makina akhoza kuipititsa kwambiri ku Lilongwe ndi Blantyre, kumene kuli oyankhula ambiri. Ngati mukufuna abale a kumudzi, zili bwino. Ngati mukufuna kasitomala wa ku Highfield, mzere woyamba ukhale m'mawu ake.
3. Munakwera pa nyimbo kapena hashitagi imene yatchuka sabata imeneyo. Anthu anabwerera nyimboyo.
4. Palibe mtengo kapena njira yokupezerani. Kulemba kuti mtengo afunse ku `inbox` kumabweza anthu ambiri amanyazi. Pa Facebook Marketplace, mutu, gulu la katundu, mtengo ndi malo ndizo zimene wogula amasefera, ndipo mukaika mtengo wa `$1` pofuna kukopa, mumasowa kwa amene wasankha kuona za pakati pa madola 20 ndi 40.

## Mmene tinakonzera za alamu anga

Tinachita zinthu zitatu zokha, tili pa khonde tsiku lotsatira maliro aja. M'bokosi la `Name` tinawonjezera `Roora dresses Harare` pambuyo pa dzina lawo. Mahashitagi 28 aja tinawachotsa. Ndipo mawu a pansi pa chithunzi tinawalemba motere:

```
Roora squad dresses, zambia print, sewn in Mufakose, Harare.
Madiresi a chitenge osokedwa pa muyeso wanu, masiku 5.
From $25. #RooraDress #HarareTailor #AfricanAttireZim
```

Mzere woyamba ndi wa wofufuza, wachiwiri ndi wa anthu akwathu, wachitatu ukuyankha funso limene aliyense amafunsa. Mahashitagi atatuwo akungobwereza zimene chiganizo chanena kale, ndipo ndikanawachotsa sindikukhulupirira kuti pakanasintha zambiri.

Pa vidiyo yawo yakale ya pa TikTok, mwa oonera pafupifupi 400, ochokera ku `Search` sankakwana ndi asanu. Patatha milungu inayi, vidiyo yolembedwa mwatsopano inali ndi oonera pafupifupi 500, ndipo ochokera ku `Search` anali cha m'ma 40. Taonani bwino manambalawo: oonera onse sanachuluke kwenikweni, ndipo alamu anakhumudwa poyamba chifukwa iwo ankayembekezera zikwi. Koma mwa 40 aja munatuluka mafunso atatu, ndipo limodzi linali la madiresi asanu ndi limodzi a gulu la operekeza mkwatibwi. China chimene ndinaona n'chakuti oonera a ku `For You` anabwera masiku awiri oyamba n'kutha, pamene a ku `Search` ankangodontha mmodzimmodzi mpaka mwezi kutha. Awa ndi manambala a telala mmodzi, anu adzakhala ena.

Mukafuna kudziyesera nokha ngati mahashitagi akukuthandizani, sinthani chinthu chimodzi basi. Ponyani mapositi khumi ofanana mtundu, asanu okhala ndi mahashitagi, asanu opanda, mosinthanasinthana, pa nthawi yofanana ya tsiku. Musayerekeze ndi positi imene yaposa zonse, chifukwa imodzi ikhoza kungochita mwayi. Ndandalikani asanu aliwonse kuyambira wochepa mpaka wochuluka, mutenge wapakati.

## Chizindikiro 5: Webusaiti kapena shopu yanu sikuoneka pa Google

Yambani ndi kulemba izi pa Google, m'malo mwa dzinali muike la webusaiti yanu:

```
site:dzinalanu.co.zw
```

Ngati sipatuluka kanthu, mawu ofufuzira alibe mlandu, Google sinalowetse masamba anu m'kaundula wake.

1. Wokupangirani webusaiti anaiwala kutsegula chitseko. Pa WordPress, pitani ku `Settings`, kenako `Reading`, muone ngati pali chizindikiro pa `Discourage search engines from indexing this site`. Chichotseni.
2. Tsamba lili ndi lamulo ili m'kati mwake, loletsa kulilowetsa m'kaundula:

```
<meta name="robots" content="noindex">
```

3. Webusaiti ndi yatsopano ndipo palibe tsamba lina lililonse lolozera kwa iyo. Ilembetseni pa Google Search Console, imene ndi yaulere, ndipo mugwiritse ntchito `URL Inspection` popempha kuti tsamba lionedwe.

Ngati masamba akutuluka koma anthu sakufika, onani mutu wa tsamba lililonse. Ambiri amangolembedwa `Home`. Mutu umenewu ndi umodzi mwa malo amene mawu amalemeradi. Koma munthu akakuuzani kuti mulipire kuti adzaze `meta keywords`, bokosi lobisika la mawu ofufuzira m'tsamba, sungani ndalama zanu: Google inalengeza mu 2009 kuti siigwiritsa ntchito bokosi limenelo posanja masamba. Nayo `meta description` siikweza tsamba. Ntchito yake ndi kukhala timizere timene munthu amawerenga pansi pa mutu asanadine, ndipo nthawi zambiri Google imasankha yokha timizere tina ta m'tsambalo. Ilembeni bwino chifukwa cha munthuyo.

Pa mapu, Google imati imayang'ana zinthu zitatu: kugwirizana kwa bizinesi ndi zimene munthu walemba, mtunda, ndi kudziwika kwake. Mtunda simungausinthe, ndipo telala wa ku Mabvuku kawirikawiri saposa wa m'tauni kwa munthu amene waima pa First Street. Chimene mungakonze ndi kusankha gulu loyenera la bizinesi, kuika maola ndi zithunzi, ndi kupempha makasitomala enieni kuti alembe ndemanga. Musawonjezere mawu ofufuzira pa dzina la bizinesi. Njira imene tinachita pa Instagram ija kuno ndi yoletsedwa: dzina liyenera kukhala lomwe lili pa chikwangwani cha shopu, apo ayi akhoza kukuimitsani.

## Chizindikiro 6: Zinkayenda, mwadzidzidzi zatsika

Aliyense amathamangira kunena kuti makina amubisa. Zimachitika, koma si chimene chimachitika kwambiri.

1. Nyengo yatha. Mayunifomu amafufuzidwa sukulu zikamatsegulira, makamaka mu Januwale. Novembala ndi mwezi umene mabanja ambiri a Chishona sachita malowolo kapena ukwati, ndiye wosoka za `roora` asadabwe foni ikazizira. Yerekezani ndi mwezi womwewo chaka chatha, osati ndi mwezi wathawu.
2. Munali ndi positi imodzi imene inathamanga, ndipo tsopano mwabwerera pa msinkhu wanu wakale.
3. Mwasintha zimene mumaponya. Akaunti ya zosoka imene yadzaza ndi mavidiyo a kwaya ya kutchalitchi imasokoneza makina ndi otsatira omwe.
4. Mukuponya vidiyo yokhala ndi chidindo cha pulogalamu ina. Instagram inanena kuti mavidiyo otere siiwapititsa patsogolo. Sungani vidiyo yoyambirira ya m'foni, muziiponya padera paliponse.
5. Akaunti yachepetsedwadi mphamvu. Pa Instagram tsegulani `Account Status`, pa TikTok onani ngati vidiyo yalembedwa kuti siyoyenera `For You`. Ngati pali positi yotchulidwa, ichotseni kapena mudandaule kudzera pa batani lomwe lili pamenepo.

## Pamene muyenera kusiya n'kuitana wodziwa

- Mwapeza `noindex` kapena vuto mu `robots.txt`, fayilo imene imauza Google masamba oti isawerenge, koma simudziwa pochotsera. Musayeserere, chilembo chimodzi cholakwika m'fayilo imeneyi chimatha kutsekera webusaiti yonse.
- Search Console yakuonetsani uthenga pansi pa `Manual actions` kapena `Security issues`, kapena mukalemba `site:` mukuona masamba a juga ndi mankhwala amene simunalembe. Pamenepo akuba alowa, ndipo pakufunika munthu lero lomwe.
- Bizinesi yanu yaimitsidwa pa mapu a Google. Musatsegule ina yatsopano pambali, zimangowonjezera mlandu.
- Mwakonza mawu, mwakonza chiyambi cha mavidiyo, papita miyezi itatu, ndipo mukuganiza zolipira malonda. Ola limodzi ndi munthu wodziwa kusankha dera ndi anthu oonetsedwa ndi lotchipa kuposa madola amene mungataye mukudina `Boost` mwachimbulimbuli.

Posankha munthuyo, mufunseni kuti ayamba ndi kuona chiyani. Wodziwa ntchito apempha kuona ziwerengero zanu asanatchule mtengo. Amene akulonjeza malo oyamba pa Google, kapena akugulitsa mndandanda wa mahashitagi, kapena otsatira chikwi pa madola angapo, musiyeni apite. Otsatira ogulidwa saonera ndipo sadina, choncho amatsitsa manambala omwe aja amene makina amayang'ana. Ndipo musapereke pasiwedi yanu kapena nambala yotsimikizira imene yabwera pa foni. Facebook, YouTube ndi Search Console zonse zili ndi njira yowonjezera munthu wothandiza pogwiritsa ntchito akaunti yakeyake, ndipo ntchito ikatha mumamuchotsa nokha.